Kalata yolandira kampani imene mwayamba kuigwirira ntchito: mafunso ndi mayankho

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafiriji, maeyakoni ndi zipinda zoziziritsira nsomba ndi nyama kuno ku Mangochi. Amene ndimawagwirira kwambiri ndi maloji a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Namiasi mpaka ku Monkey Bay. Anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono, ochapa zovala, olondera, operekera ndiwo ndi okonza magetsi, akamapeza kampani yoyamba yoigwirira ntchito amabwera ndi mafunso ofanana pa nkhani ya kalata yoilandira. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho amene ndimawapatsa.

Tagwirizana kale pamaso ndipo tasainirana mgwirizano. Kalata ina ndi ya chiyaninso?

Kalatayi simulembera munthu amene munakhala naye pansi. Mumalembera anthu amene kukumanako kunalibe. Kampani si munthu mmodzi ayi. Amene anakupatsani ntchito ndi bwana wamkulu, amene azikuimbirani eyakoni ikafa ndi manijala wa pa loji, amene azikutsegulirani zitseko ndi mnyamata wa zokonzakonza, ndipo amene azikulipirani ndi akauntanti amene mwina ali ku likulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, nkhope yanu sanaionepo. Mgwirizano umene munasaina umakatsekeredwa m'kabati ya abwana. Anthu atatu enawo sadzauwerenga.

Choncho kalatayi imatenga mfundo zochepa za mumgwirizano zimene anthu amenewa azizifuna tsiku ndi tsiku, n'kuziika m'mawu osavuta: ntchito iziyenda bwanji, vuto likagwa aziimbira ndani, ndalama ziziyenda njira iti. Ine ndimatumiza makope atatu, ndipo ndimapempha kuti ya manijala imatidwe pakhoma mu ofesi yake.

Ndiye kalatayi ingathe kulowa m'malo mwa mgwirizano?

Ayi. Musaikemo mfundo yatsopano imene simunagwirizane, monga chindapusa cha kuchedwa kulipira chimene m'mgwirizano mulibe. Akauntanti akaona zosiyana amaimitsa zonse mpaka afunse, ndipo mumayamba ubale ndi kukayikirana. Lembani chiganizo chimodzi chakuti ngati kalatayi yasiyana ndi mgwirizano penapake, wotsatidwa ndi mgwirizano.

Ndiitumize liti, ndipo italike bwanji?

Pasanathe masiku awiri kapena atatu chisainireni, ndipo ntchito yoyamba isanagwiridwe. Mukaitumiza mutapereka kale invoisi yoyamba, imaoneka ngati kalata yolonjerera ngongole.

Masamba awiri akwana. Moni ndi kuthokoza zikhale mizere itatu basi. Mbiri ya bizinesi yanu, chaka chimene munayamba ndi makampani ena amene mumawagwirira, zonsezo munanena kale pofuna ntchito. Malo amenewo asiyireni mayina, manambala a foni ndi masiku.

Ndilembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Ya ku likulu ndi ya akauntanti ndimalemba m'Chingerezi chifukwa imakalowa m'faelo pamodzi ndi mapepala ena a kampani. Koma ndimalembanso ya Chichewa ya anthu a pamalopo, ndipo imeneyi ndi imene imagwira ntchito kwambiri. Usiku chipinda choziziritsira chikazima, amene amaona koyamba ndi mlonda kapena wophika, osati bwana. Munthu ameneyo awerenge yekha n'kudziwa nambala yoimba. Onetsetsani kuti manambala ndi masiku m'makalata awiriwa ndi amodzimodzi.

Poyamba penipeni ndimalemba udindo wa munthuyo ndi dzina la kampani, kenaka "Okondedwa Bambo" kapena "Okondedwa Mayi" ndi dzina la bambo awo. Mawu onse akhale a ulemu, a "inu", ngakhale manijalayo akhale mnzanu amene munaphunzira naye. Kalatayi idzawerengedwa ndi wina amene adzalowe m'malo mwake.

Gawo la kayendedwe ka ntchito ndilembemo chiyani?

Lembani zimene munthu angathe kuziwerenga pa kalendala kapena pa wotchi. Mawu akuti "tizibwera mwachangu" sathandiza, chifukwa changu cha wophika amene chambo chake chikufewa ndi changu cha inu amene muli pa ntchito ina ku Namwera si chimodzi. Nayi mizere ya m'kalata imene ndinalembera loji ina ya maeyakoni 14 ndi chipinda choziziritsira chimodzi:

"Tizibwera kudzatsuka ndi kuyeza maeyakoni onse 14 kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, sabata yoyamba ya mwezi, ndipo tizikudziwitsani kutatsala masiku asanu kuti mutiuze zipinda zimene muli alendo. Chipinda choziziritsira chikafa, tidzafika pasanathe maola anayi kuchokera pamene mwatiimbira, usana kapena usiku. Eyakoni ya m'chipinda chogona ikafa, tidzafika tsiku lomwelo ngati mwaimba isanakwane 12 koloko masana, koma mukaimba madzulo tidzafika mawa lake m'mawa."

Taonani kuti ndinasiyanitsa vuto ndi vuto. Mukalonjeza maola anayi pa chilichonse, mudzathamangira limoti yotha mabatire pamene kwina nyama ikuwonongeka. Taonaninso kuti ndinalonjeza kufika, osati kumaliza kukonza. Kompuresa ikapsa, ina imachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo zimenezo ndimazilemba poyera: chipangizo chikakhala chosowa kuno tidzakuuzani tsiku lomwelo kuti chifika liti.

Malonjezo a nthawi muziwayeza ndi msewu. Loji imene ili pa msewu wa tala wopita ku Monkey Bay si chimodzimodzi ndi malo a ku Makanjira nthawi ya dzinja. Muziwayezanso ndi nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, makina onse a m'mbali mwa nyanja amadwala nthawi imodzi, ndipo lonjezo limene munalipereka mosaganiza mu Juni, mwera ukuwomba, limakupanikizani. Ine ndimaika ulendo umodzi wotsuka mu Seputembala kuti kutentha kukamafika makina akhale atapuma bwino.

Chinanso cha kuno kwathu: anyamata anga awiri ndi Asilamu, ndipo Lachisanu masana amapita ku mzikiti. Ndimalemba m'kalata kuti ntchito zokonzekera sitiika Lachisanu masana ndi pa masiku a Idi, koma za mwadzidzidzi pamakhala wina wodikira. Palibe kampani imene inadandaulapo ndi zimenezi itauzidwiratu.

Musaiwale kulemba zimene simuchita. Ine mawaya a magetsi a nyumba ndi jenereta sindigwira. Ndikapeza kuti eyakoni ikufa chifukwa magetsi akubwera ofooka, ndimalemba lipoti, koma kukonza kwake n'kwa wamagetsi wawo.

Pa nkhani ya anthu olumikizana nawo, sikungolemba nambala yanga basi?

Nambala imodzi ndi msampha. Tsiku limene muli ku maliro kumudzi, netiweki kulibe, kampani imaona ngati bizinesi yonse yatseka. Lembani anthu atatu, aliyense ndi ntchito yake: wolandira mafoni a zowonongeka, woona za mainvoisi ndi malipiro, ndi wolandira madandaulo ngati awiri oyambawo sanathandize. Ngati bizinesi yanu ndi ya anthu awiri okha, palibe manyazi, lembani awiriwo. Ikani manambala a Airtel ndi a TNM onse, chifukwa m'malo ena a m'mbali mwa nyanja imodzi imagwira bwino kuposa inzake.

Nenaninso njira yoyenera chinthu chilichonse. Vuto la mwadzidzidzi aimbe foni, asangotumiza uthenga pa WhatsApp n'kumadikira, chifukwa uthenga wa 2 koloko usiku mudzauona m'mawa. Zithunzi za makina ndi kukumbutsana masiku, WhatsApp ndi yabwino. Mitengo, mainvoisi ndi madandaulo zidzere pa imelo kapena pa pepala.

Koma mbali yofunika kwambiri ndi ya iwowo. Kalata yanu ifunse funso ili mosapita m'mbali: ndani ku kampani kwanu ali ndi mphamvu yotituma ntchito yolipira?

Bwanji funso limeneli mukulilemetsa chonchi? Aliyense wa pa kampanipo akandituma si ntchito yomweyo?

Apa ndi pamene ndinapsa chala. Tsiku lina ndikutsuka maeyakoni pa loji ina, wophika wamkulu anandiitana. "Bambo, poti mwabwera kale, taonaniko firiji ya zakumwa iyi, sikuzizira." Ndinaitsegula, ndinapeza gasi watha chifukwa paipi inabooka pafupi ndi kompuresa. Ndinawotcherera, ndinathira gasi, madzulo mabotolo anali akuchita thukuta. Aliyense anasangalala. Invoisi itafika ku likulu, akauntanti anandiyankha mwaulemu ndithu: "Pepani bambo, ntchito imeneyi ilibe LPO. Anakutumani ndani?" Wophika analibe mphamvu yogula chilichonse, manijala anali pa tchuthi tsiku limenelo, ndipo ndalama imeneyo ndinailandira patatha miyezi inayi, abwana aakulu atachita kulembera kalata yapadera. Akauntanti uja sanalakwe. Iye naye amafunsidwa ndi oyendera mabuku kuti ndalama iliyonse inatuluka ndi chilolezo cha ndani.

LPO ndi pepala la kampani lokhala ndi nambala, lonena kuti yavomera kugula chakuti pa mtengo wakuti. Makampani ambiri salipira popanda pepala limeneli. Chichokereni tsiku limenelo kalata yanga imati:

"Ntchito iliyonse imene ili kunja kwa mgwirizano tiziyamba tapereka koteshoni, ndipo tiziigwira tikalandira LPO. Pa vuto la mwadzidzidzi, usiku kapena Loweruka ndi Lamlungu, tiziyamba ntchito manijala akavomera pa uthenga wolemba, bola mtengo usapitirire K150,000, ndipo LPO itsatire pa tsiku loyamba limene maofesi atsegula. Chonde tilembereni mayina a anthu awiri amene angavomereze ntchito m'njira imeneyi."

Malire a K150,000 si lamulo la boma, ndi amene tinagwirizana ndi loji imeneyo. Inu mugwirizane anu. Chofunika n'chakuti akhalepo, chifukwa popanda khomo la mwadzidzidzi limeneli mudzakakamizika kusankha pakati pa kusiya nsomba ziwole podikira pepala ndi kugwira ntchito imene simudzalipidwa.

Anyamata anu nawonso muwawerengere kalatayi. Iwo ndi amene amakumana ndi "taonaniko ichi" tsiku ndi tsiku, ndipo mwaulemu wathu kukana kumavuta. Ndinawaphunzitsa kuyankha kuti, "Tiona ndithu amayi, koma tiyambe tawadziwitsa amanijala."

Umboni woti ntchito yagwiridwa uzikhala wotani?

Khadi la ntchito. Ndi kapepala kolembapo tsiku, chipinda, chimene chinawonongeka, chimene mwachita ndi zipangizo zimene mwaika, ndipo wa pamalopo amasaina musanachoke. Kalata inene kuti amasaina ndani. Kope imodzi imatsala, ina mumaiphatikiza ku invoisi. Chipangizo chakale chimene mwachotsa muzichisiya m'manja mwawo n'kulemba pa khadipo, kuti pasadzakhale wonena kuti simunasinthe.

Gawo la malipiro likhale ndi chiyani?

Dzina la bizinesi monga mmene linalembetsedwera, nambala ya TPIN ya ku MRA, banki, nthambi ndi nambala ya akaunti. Dzina la pa invoisi ndi la pa akaunti zifanane ndendende. Kampani yolongosoka siitumiza ndalama ku akaunti ya dzina lanu kapena la akazi anu pamene invoisi ili m'dzina la bizinesi, ndipo ambiri salipira ndalama zikuluzikulu pa Airtel Money kapena Mpamba. Nenani ngati munalembetsa msonkho wa VAT kapena ayi, komanso ngati mitengo yanu yaphatikiza kale msonkhowo. Ngati simunalembetse, simuloledwa kuuwonjezera pa invoisi.

Kenaka masiku. "Malipiro pa masiku 30" ndi mawu amene akhumudwitsa anthu ambiri, chifukwa sanena kuti kuwerenga kukuyambira pati. Inu mumawerenga kuyambira tsiku limene munagwira ntchito. Akauntanti amawerenga kuyambira tsiku limene invoisi yafika pa tebulo lake ili ndi LPO ndi khadi losainidwa. Invoisi yanga ina ndinaipereka pamanja kwa manijala pa 3 mwezi. Inagona m'dirowa kudikira galimoto yopita ku Blantyre, ndipo inafika pa 27. Kumeneko amatseka mndandanda wa olipidwa pa 25. Inalowa mndandanda wa mwezi wotsatira, ndalama n'kufika patatha pafupifupi miyezi iwiri, popanda aliyense woswa lamulo.

Ndiye musanalembe kalata, imbirani akauntanti mumufunse zinthu zitatu: invoisi izipita kwa ndani, iziphatikizidwa ndi mapepala ati, ndipo amatseka liti mndandanda wa malipiro. Mayankho akewo ndi amene mulembe. Yanga tsopano imati invoisi tizitumiza pa imelo ku ofesi ya zachuma pasanathe masiku atatu ntchito itatha, manijala n'kulandira kope, ndipo masiku 30 ayambira tsiku la imeloyo. Imatinso ngati pa invoisi pali chokayikitsa atiuze pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo mbali imene palibe mkangano ilipidwe osadikira inayo.

Andilipira ndalama yoperewera, akuti adula msonkho. Kalata ikanathandizapo chiyani?

Sanakubereni. Lamulo limalamula makampani kudula gawo la ndalama asanakulipireni n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Ndalamayo imadzachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka, koma pokhapokha muli ndi satifiketi yosonyeza kuti inadulidwa. Choncho kalata ipemphe kuti malipiro aliwonse azibwera ndi satifiketi imeneyi. Kuilondola chaka chitatha, akauntanti atasintha, ndi ntchito yowawa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlingo wodula umasiyana pakati pa katundu ndi ntchito ya manja. Pa nthawi imene ndinaphunzira zimenezi, pa ntchito ankadula 20 peresenti, pa katundu 3 peresenti. Milingo imeneyi imatha kusintha ndi bajeti ya boma, choncho muzifunsa ku MRA chaka ndi chaka. Koma taonani mmene zinandikhudzira. Ndinatsuka maeyakoni 14 pa K25,000 iliyonse, yonse K350,000, ndipo ndinaika zipangizo za K400,000. Pa invoisi ndinangolemba mzere umodzi, kukonza maeyakoni, K750,000. Akauntanti anaona ntchito yokhayokha, anadula 20 peresenti pa zonse, K150,000. Ndikanalemba mizere iwiri, pa ntchito akanadula K70,000, pa zipangizo K12,000, zonse pamodzi K82,000. Kusiyana kwake ndi K68,000. Ndalamayo sinatayike, koma inakakhala ku MRA kudikira kutha kwa chaka, pamene ine zipangizozo ndinali nditazigula ndi ndalama ya m'thumba ndipo ndinkafuna kugula gasi wa ntchito yotsatira.

Tsopano kalata yanga imanena kuti invoisi iliyonse izisiyanitsa zipangizo, ntchito ndi mayendedwe, ndipo ndimapempha akauntanti anditsimikizire mmene azidulira mzere uliwonse tisanayambe. Makampani ena amafuna mainvoisi awiri osiyana, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Ngati muli ndi satifiketi ya MRA yokumasulani ku kudulidwa kumeneku, phatikizani kope yake ndipo lembani tsiku limene ithere mphamvu, chifukwa ikangotha iwo ayambiranso kudula osakufunsani.

Mitengo ya zipangizo imakwera kawirikawiri. Ndilembe bwanji kuti ndisadzaluze?

Siyanitsani mtengo wa ntchito ndi wa zipangizo. Wa ntchito mutha kuuimika kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, n'kulemba kuti kusintha kulikonse mudzanena mwezi umodzi zisanachitike. Wa zipangizo musaumange, chifukwa pafupifupi zonse zimachokera kunja. Amene anali ndi makoteshoni otseguka mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene zinalili: mtengo umene unalembedwa sabata yatha sunkagulanso kompuresa yomweyo. Ine ndimalemba kuti koteshoni ya zipangizo imakhala ndi mphamvu masiku 14, ndipo zipangizo zodula kampani izilipiriratu gawo lake tisanaitanitse.

Mayendedwe nawo alembedwe padera, pa ulendo kapena pa kilomita, ndi mawu akuti adzasintha mtengo wa mafuta ukasintha.

Kodi kulemba za kuchedwa kulipira m'kalata yolandira munthu si mwano?

Zimatengera kalembedwe. Mlendo sumulandira ndi chibonga, komabe malamulo a pakhomo umamuuza tsiku loyamba. Ndimapewa mawu oopseza, ndimangofotokoza ndondomeko: tsiku lolipira likadutsa tidzakumbutsa pa imelo, pakatha masiku 14 tidzaimbira abwana, ndipo ngongole ikafika masiku 60 tidzaimitsa ntchito zokonzekera mpaka tikambirane. Za chiwongoladzanja ndimalemba pokhapokha zili kale m'mgwirizano. Ndaona kuti akauntanti ambiri amakondwera nazo, chifukwa zimawapatsa chonena kwa abwana awo pokankha malipiro anu.

Pali chiganizo china chimene anthu amaiwala?

Cha kusintha kwa akaunti. Akuba amatha kulembera kampani uthenga m'dzina lanu, kunena kuti mwasintha banki kapena kuti ndalama ya mwezi uno itumizidwe pa nambala ya foni. Lembani kuti akaunti yanu ndi imene ili m'kalatayi basi, ndipo kusintha kulikonse kudzabwera pa kalata yosainidwa ndi yodindidwa, imene iwo ayenera kuitsimikiza poimba nambala ya mwini bizinesi imene ali nayo kale. Lembaninso kuti wantchito wanu aliyense saloledwa kulandira ndalama pamanja. Zimateteza kampani, zimatetezanso anyamata anu ku mayesero ndi ku kunamiziridwa.

Ndatumiza kalata koma sanayankhe. Nditani?

Kumapeto kwa kalata muzisiya kagawo koti adzaze ndi kubweza: mayina a ovomereza ntchito, wosaina makhadi, imelo ya mainvoisi, TPIN ya kampani, tsiku lotseka malipiro, ndi siginecha. Kalata yongowerenga imaikidwa pambali, koma ya mipata yodzaza imafuna cholembera.

Pakatha masiku atatu muli chete, imbani. Zikakanika, nyamulani kope pa ulendo woyamba wa ntchito, mukhale pansi ndi manijala mphindi khumi mudzaze limodzi, kenaka muijambule n'kutumiza ku likulu. Manijala kapena akauntanti akasintha, zimene m'maloji zimachitika kawirikawiri, tumizaninso kalata yomweyo kwa watsopanoyo sabata yake yoyamba, mutasintha deti ndi mayina, ndipo mupemphenso kuti adzaze kagawo kaja.